Chambo chachikulu, chule wamkulu: khomo la Mchewa lolowera m'Chitaliyana

Mukaima pa Chia, pamene msewu wa M5 umadutsa pa mlatho m'boma la Nkhotakota, simuchedwa kuzingidwa ndi ogulitsa nsomba. Uyu akuti, "Chambo chachikulu ichi, bwana, chalero chomwe!" Uyo akuti, "Kampango wamkulu uyu, wonona!" Wachitatu wangotukula dzanja: "Zazikulu izi zatsala ziwiri zokha." Palibe amene waima kuti aganize chifukwa chimene chambo chikukhalira chachikulu, kampango wamkulu, nsomba zazikulu. Lilime likudzichitira lokha. Komatu chimene anyamata amenewa akuchita osadziwa ndicho chimatulutsa thukuta anthu olankhula Chingerezi akayamba kuphunzira Chitaliyana: kusintha mfotokozi ndi mneni kuti zimvane ndi dzina.

Amalawi ofuna Chitaliyana alipo, ngakhale kuti si ambiri. Ansembe ndi masisitere amatumizidwa ku Roma kukaphunzira, ena ku yunivesite ya Urbaniana. Ku Balaka ndi ku Mangochi ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy akhalako zaka makumimakumi, ndipo episkopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari, anali Mtaliyana. Palinso ogwira ntchito m'zipatala za DREAM za bungwe la Sant'Egidio, achinyamata ofuna sukulu kunja amene amalemba mayeso a CILS a ku Siena kapena a CELI a ku Perugia, ndi operekeza alendo m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Pafupifupi onsewa amaphunzira kudzera m'mabuku a Chingerezi, olembedwera munthu amene chiyankhulo chake sichisintha mfotokozi nkomwe. Mabuku otere amataya masamba kufotokoza zimene Mchewa anayamwira, kenako n'kudumpha pamene iye amapunthwa.

Akatswiri anaona kale kuti nkhaniyi ndi imodzi. Mu 1987 Greville Corbett wa ku Britain ndi Al Mtenje wa ku Chancellor College analemba limodzi kafukufuku wa agwirizanitsi a Chichewa, ndipo magulu athu a mayina anawatchula ndi dzina lomwelo limene amatchulira magulu a "chachimuna" ndi "chachikazi" a ziyankhulo za ku Ulaya. Tikatero ndiye kuti Chitaliyana chili ndi magulu a mayina awiri okha, lililonse ndi umodzi ndi unyinji wake. Ife amene tinaloweza Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, U-Ma, Chi-Zi, I-Zi ndi Ka-Ti kupulayimale sitiyenera kuopa magulu awiri.

Mgwirizanitsi wapita kumchira

Kusiyana koyamba ndi kwa malo. Ife mgwirizanitsi timamuika kumutu kwa mawu, Ataliyana amamuika kumchira. Tengani mfotokozi *nuovo*, kutanthauza -atsopano. Tsinde lake ndi *nuov-*, ndipo limalandira malembo a liwu anayi. Nkhafi, *il remo*, ili m'gulu lachimuna, choncho nkhafi yatsopano ndi *il remo nuovo*, nkhafi zatsopano ndi *i remi nuovi*. Ngalawa, *la barca*, ili m'gulu lachikazi: ngalawa yatsopano ndi *la barca nuova*, ngalawa zatsopano ndi *le barche nuove*. Basi, -o ndi -i kwa gulu loyamba, -a ndi -e kwa gulu lachiwiri. Onaninso kuti mfotokozi wabwera pambuyo pa dzina monga m'Chichewa. Alipo afotokozi ena amene amakonda kutsogola, koma malo awo a masiku onse ndi pambuyo.

Mawu oti "chachimuna" ndi "chachikazi" asakusokonezeni. Nkhafi si yamphongo, ngalawa si yaikazi, monganso mpando sukhala wachibale wa mtengo chifukwa choti zonse zili mu Mu-Mi. Ndi mayina chabe a magulu. Amayamba kutanthauza zenizeni pokhapokha tikamakamba za anthu ndi nyama zina, ndipo pamenepo tifikapo.

Mawu osonyeza umwini amayendanso ngati athu. Timati ukonde wake, chambo chake, ngalawa yake, osafunsa ngati mwiniyo ndi bambo kapena mayi. Chitaliyana n'chimodzimodzi: *la sua barca* ndi ngalawa yake, *il suo remo* ndi nkhafi yake, kaya mwiniwake ndi ndani. Amene amadutsira m'Chingerezi amaganiza kuti *suo* ndi za bambo ndipo *sua* ndi za mayi, n'kulakwa pachabe pamene Chichewa chikanamulondolera.

Dzina likhoza kunama

Ophunzira ambiri amaganiza kuti ntchito yonse ndi kubwereza lembo lomaliza la dzina: *barca nuova*, *remo nuovo*. Zimayenda kwa sabata imodzi, kenako amakumana ndi nsomba ndi ukonde. Nsomba ndi *il pesce*, ukonde ndi *la rete*. Onse awiri athera ndi -e, onse awiri unyinji wawo uthera ndi -i, *i pesci* ndi *le reti*, koma ali m'magulu osiyana. Nsomba yaiwisi yongovuulidwa kumene ndi *il pesce fresco*, zambiri ndi *i pesci freschi*. Ukonde wakale ndi *la rete vecchia*, maukonde akale ndi *le reti vecchie*. Amene alemba *le reti vecchi* watsata maonekedwe a dzina m'malo motsata gulu lake.

Mchewa amazidziwa izi. Chambo ndi chule onse amayamba ndi ch-, koma timati chambo chachikulu, chule wamkulu, chifukwa chule ali m'gulu la galu ndi fodya. Kampango amayamba ndi ka- ngati kamwana, koma sitinena kuti kampango kakang'ono pokhapokha tikumuchepsa dala. Mgwirizanitsi amamvera gulu, osati zovala za dzina. Ku Italy achule otere ndi ochuluka ndithu. Dzanja, *la mano*, lathera ndi -o koma ndi lachikazi, choncho manja oyera, osambidwa bwino, ndi *le mani pulite*. Vuto, *il problema*, lathera ndi -a koma ndi lachimuna: vuto lalikulu losachitira masewera ndi *un problema serio*. Njinga yamoto ya kabaza ndi *la moto*, chidule cha *motocicletta*, ndipo yatsopano ndi *la moto nuova*. Momwemonso *la foto* ndi *la radio*.

Mankhwala ake ndi amodzi: musaloweze dzina lokhalokha. Lowezani pamodzi ndi kamawu kotsogolera, *il* kapena *la*, ndipo ngati kamawuko kadulidwa n'kukhala *l'*, monga mu *l'acqua* (madzi) ndi *l'amo* (mbedza), phatikizanipo mfotokozi: *l'acqua fredda*, madzi ozizira, *l'amo piccolo*, mbedza yaing'ono. Ndi mmene mlendo wanzeru amaphunzirira Chichewa: osati "chule" chabe, koma "chule uyu".

Afotokozinso ali m'mitundu iwiri, ndipo wachiwiri ndi umene umakola anthu. Mawu monga *grande* (-kulu), *forte* (-amphamvu), *verde* (-obiriwira) ndi *dolce* (-otsekemera) sasankha gulu, amangosintha pa umodzi ndi unyinji: -e pa chimodzi, -i pa zambiri. Nyanja yaikulu ndi *il lago grande*, ngalawa yaikulu ndi *la barca grande*. Zambiri ndi *i laghi grandi*, *le barche grandi*. Apa lembo -e lili ndi nkhope ziwiri. Pa *nuove* likunena zambiri zachikazi, pa *grande* likunena chimodzi cha gulu lililonse. N'chifukwa chake ngalawa zazikulu zatsopano ndi *le barche grandi e nuove*, afotokozi awiri a dzina limodzi, wina -i wina -e. Mukatsegula dikishonale, onani mmene mfotokozi walembedwera: akathera ndi -o ali ndi michira inayi, akathera ndi -e ali ndi iwiri.

Zina n'zazing'ono, tingodutsapo. Mawu angapo a mitundu ya maonekedwe, monga *blu*, *rosa* ndi *viola*, sisintha nkomwe: *le barche blu*. Ndipo h amene mwamuona mu *freschi* ndi *barche* satchulidwa. Ntchito yake ndi kusunga liwu la k, chifukwa popanda iye c wotsatana ndi i kapena e amamveka ngati ch wathu. Momwemo -tali ndi *lungo, lunga, lunghi, lunghe*.

Pali kagulu kena kamene mabuku amakaika pa mndandanda wa zodabwitsa. Dzira, *l'uovo*, ndi lachimuna, koma mazira, *le uova*, ndi achikazi: dzira lophika ndi *l'uovo cotto*, mazira ophika ndi *le uova cotte*. Chimodzimodzi mkono, *il braccio*, *le braccia*, ndi chala, *il dito*, *le dita*. Chiyambi chake ndi Chilatini, kholo la Chitaliyana, chimene chinali ndi gulu lachitatu, losakhala lachimuna kapena lachikazi, ndipo unyinji wake unkathera ndi -a. Gululo linafa, koma mayina angapo anatsala ndi -a wawo. Kwa ife amene timati dzira lophika, mazira ophika, ukonde wanga, maukonde anga, palibe chachilendo kuti mgwirizanitsi asinthe banja pa unyinji. Chongoyenera kusamala n'choti -a wa *uova* si wa chinthu chimodzi, choncho *cotta* n'kulakwa.

Nanga mayina awiri a magulu osiyana akakumana? Limeneli ndi limodzi mwa mafunso amene Corbett ndi Mtenje anawafufuza m'Chichewa. Ife zinthu timakonda kuzisonkhanitsa pa zi-: ukonde ndi nkhafi zasowa. Anthu timawasonkhanitsa pa a-: mwana ndi mlendo afika. Chitaliyana chimasonkhanitsa zonse pa unyinji wachimuna. Ukonde ndi nkhafi ndi zatsopano: *La rete e il remo sono nuovi*. Amayi khumi akakhala otopa ndi *stanche*, koma pakangolowa bambo mmodzi onse asanduka *stanchi*. Ku Italy komweko alipo amene amadandaula nalo lamuloli, koma pamayeso lidakalipo.

Pamene Mchewa amapunthwa zenizeni

Chichewa sichifunsa kuti munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Iye ndi iye. Ndatopa ndi ndatopa, anene bambo, anene mayi. Chitaliyana chimafunsa nthawi zonse, ngakhale ukudzinena wekha. Msodzi amene wachezera usiku pa chilimira anena kuti *sono stanco*. Mayi amene watandala kuyanika usipa pa thandala anena kuti *sono stanca*. Akakhala awiri, *siamo stanchi* kapena *siamo stanche*. Sisitere amene waphunzira kwa wansembe n'kumangobwereza zimene wamva adzadabwa akumuseka ku Roma, akudzitchula ngati bambo. Apa palibe chimene Chichewa chingatithandize. M'pofunika kuzoloweza lilime mpaka lidziwe mwini wake.

Ulemu wathu nawonso umatchera msampha. Timati agogo afika, amayi atopa, munthu ali mmodzi. Chitaliyana sichilemekeza pochulukitsa munthu amene ukumunena: agogo aakazi atopa ndi *la nonna è stanca*, umodzi weniweni. Polankhula ndi munthu wamkulu amagwiritsa ntchito *Lei*, nayenso wa umodzi, ndipo mfotokozi amatsata munthuyo: *Lei è stanco?* kwa bambo, *Lei è stanca?* kwa mayi. Anthu, *la gente*, ndi dzina la umodzi lachikazi, choncho anthu ndi okondwa ndi *la gente è contenta*.

Koma pali pena pamene gulu limapambana munthu, ndipo apa Chichewa chimabwereranso kudzatithandiza. Woperekeza alendo, monga amene amawalowetsa m'nkhalango ya Nkhotakota kukaona njovu kapena kukafika ku mtsinje wa Bua, ndi *la guida*, dzina lachikazi ngakhale akhale bambo wandevu. Woperekeza waluso ndi *una guida brava*. Chimodzimodzi *la persona*, munthu. Ifenso timati mfumu yabwera, nduna yakana, ngakhale mfumuyo ndi munthu ngati ife, chifukwa dzinalo lili mu I-Zi.

Zowamba, zouma, zophika

Tsopano tifike pa mawu amene Ataliyana amawatcha *participio passato*. Ndi mawu ochokera ku mneni amene amanena kuti chinthu chachitika kale, ngati athu aja -owamba, -ophika, -ong'ambika. Aneni othera ndi *-are* amapereka *-ato*, a *-ere* amapereka *-uto*, a *-ire* amapereka *-ito*: *comprare* (kugula) *comprato*, *vendere* (kugulitsa) *venduto*, *partire* (kunyamuka) *partito*. Ena ambiri ndi osamvera lamulo, oyenera kuloweza, monga *cotto* (-ophika), *rotto* (-osweka), *visto* (-oonedwa), *nato* (-obadwa). Onse athera ndi -o, choncho akamagwira ntchito ya mfotokozi ali ndi michira inayi ija. Nsomba yowamba ndi *il pesce affumicato*, zowamba *i pesci affumicati*. Mpunga wophika ndi *il riso cotto*, nyama yophika *la carne cotta*.

Ntchito yawo yaikulu, komabe, ndi kupanga nthawi yapitayi ya mneni, imene Ataliyana amaigwiritsa ntchito tsiku lonse monga ife timachitira ndi "ndagula" ndi "ndinagula". Nthawi imeneyi imamangidwa ndi mawu awiri: mneni wothandizira kutsogolo, *participio* pambuyo. Aneni othandizira alipo awiri, *essere* (kukhala) ndi *avere* (kukhala ndi), ndipo funso lonse la mgwirizano lagona pa kusankha pakati pa awiriwa.

Ndi *essere*, mchira umatsata mwininkhani nthawi zonse. Sitima ya Ilala ikanyamuka, popeza sitima ndi *la nave*, tinena kuti *la nave è partita*. Asodzi abwerako: *i pescatori sono tornati*. Amayi aja afika: *le donne sono arrivate*. Wobadwira ku Linga akamadzifotokoza anena *sono nato a Nkhotakota* ngati ndi mwamuna, *sono nata a Nkhotakota* ngati ndi mkazi. Aneni otenga *essere* ndi a kupita, kubwera, kufika, kunyamuka, kulowa, kutuluka, kutsala, kubadwa, kufa ndi kusanduka. Onjezanipo onse okhala ndi kamawu *si*, kofanana ndi -dzi- wathu kapena -ika wa "kung'ambika": ukonde wang'ambika ndi *la rete si è strappata*. Onjezaninso ziganizo za kuchitiridwa, kumene mgwirizano umaoneka kawiri: maukonde abedwa ndi *le reti sono state rubate*, -e pa *state*, -e pa *rubate*. Munthu amene amanena "chachikulu" ndi "zazikulu", mgwirizanitsi kawiri m'mawu amodzi, sangaone chovuta apa.

Chenjerani ndi lamulo la m'mabuku loti aneni onse a kuyenda amatenga *essere*. Si zoona. Kusambira, kuyenda pansi ndi kuyenda ulendo amatenga *avere*: mtsikana wasambira m'nyanja ndi *la ragazza ha nuotato nel lago*, osati *nuotata*. *Essere* amakonda aneni onena kumene munthu wachoka kapena wafika, osati mmene wayendera.

Ndi *avere*, mchira suyang'ana mwininkhani. Umakhala -o basi. Amayi agula mpunga: *le donne hanno comprato il riso*. Msodzi wagulitsa maukonde: *il pescatore ha venduto le reti*. Apa ndi pamene Mchewa amalakwa chifukwa cha luso lake lomwe. Mneni wathu sayenda popanda mgwirizanitsi wa mwininkhani, ndiye dzanja limayabwa kulemba *le donne hanno comprate*. Lekani. Mgwirizano wa mwininkhani wachitika kale pa *hanno*.

Ndawagula

Pali malo amodzi pamene *participio* wa *avere* amasintha, ndipo ndi pamene Chichewa ndi Chitaliyana zimafanana modabwitsa. Taonani ziganizo ziwiri izi: "Ndagula maukonde" ndi "Maukonde aja ndawagula." M'chachiwiri mwalowa -wa-, kamawu koimira maukonde. Mu 1987 momwemo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, katswiri amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku yunivesite ya California ku Berkeley, amenenso Chichewa chake ndi cha kuno ku Nkhotakota, anasonyeza kuti kamawu kameneka si mgwirizanitsi wamba koma mlowam'malo weniweni wolowa m'kati mwa mneni. Chitaliyana chili ndi timawu tomweto, *lo, la, li, le*, ndipo timaima kutsogolo kwa mneni monga -chi-, -zi-, -wa- amaimira kutsogolo kwa tsinde. Tikangoonekera, *participio* ayenera kutitsata.

Ndagula maukonde: *ho comprato le reti*. Ndawagula: *le ho comprate*. Ndagula nsomba zambiri: *ho comprato i pesci*. Ndazigula: *li ho comprati*. Ngakhale chiganizo chathu chotsogoza dzina chilipo: *le reti, le ho comprate*, maukonde ndawagula. Lamulo la Mchewa likhoza kukhala lalifupi chotere: ngati m'Chichewa mwaika -mu-, -chi-, -zi-, -wa-, -u-, -i- kapena -li- m'malo mwa dzina la chinthu chimene chagulidwa, chaonedwa, chadyedwa, m'Chitaliyana sinthani mchira.

Pa umodzi mchirawo ndi wofunika koposa, chifukwa *lo* ndi *la* amadulidwa onse n'kukhala *l'*. *L'ho visto* ndi *l'ho vista* onse ndi "ndamuona", koma woyamba ndi mwamuna, wachiwiri ndi mkazi, ndipo palibe china chosiyanitsa kupatula lembo lomalizalo. Mwamuna amene akufotokozera mkazi wake yemwe wakumana naye kumsika ayenera kulitchula bwino. Mwayi wathu ndi woti mawu a Chichewa amathera ndi malembo a liwu nthawi zonse, asanu omwewo, choncho pakamwa pathu sipameza michira imeneyi monga amachitira ena.

Lamulo lija lili ndi malire ake. Chichewa chimagwiritsa ntchito -mu- yemweyo pa "ndamuona" ndi "ndamupatsa nsomba". Chitaliyana chimasiyanitsa munthu woonedwa ndi munthu wolandira. Wolandira ali ndi timawu take, *gli* kwa mwamuna ndi *le* kwa mkazi, ndipo timeneti sitisintha mchira. Ndamupatsa nsomba mayi uja: *le ho dato il pesce*. Ndalankhula naye: *le ho parlato*. Tsoka lake *le* ameneyu amafanana ndi *le* wa zinthu zambiri zachikazi, ndiye mchira ndiwo umamasula: *le ho dato* ndi "ndamupatsa", *le ho date* ndi "ndazipereka". Mukakayika, funsani kuti chimene chachoka m'manja n'chiyani. Ngati kamawuko kakuimira chimenecho, sinthani. Ngati kakuimira wolandira, siyani -o.

Timawu ta "ine, iwe, ife, inu", *mi, ti, ci, vi*, tili ndi ufulu: mkazi akhoza kunena *mi ha visto* kapena *mi ha vista*, wandiona, zonse n'zololedwa. Kamawu *ne*, koimira gawo la zinthu, kamakoka mchira: pa nkhani ya ngalawa, ndagulapo zitatu ndi *ne ho comprate tre*. Ndipo mneni *piacere*, amene amazunguza olankhula Chingerezi, ndi "kukomera" wathu ndendende. Sitinena kuti ine ndakomera nsomba, timati nsomba zandikomera, mwininkhani ndi nsombazo. Momwemo *mi sono piaciuti i pesci*, ndipo nsima ya kondowole ikamukomera mlendo, poti Mtaliyana angaiyerekeze ndi *polenta* yakwawo, adzati *mi è piaciuta*.

M'mawa wa mwera

Tiyeni tiyese zonsezi pa kankhani kamodzi ka padoko, m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mwera umavuta. "Mabwato awiri atsopano abwerako opanda kanthu. Ukonde wakale wang'ambika. Asodzi aukokera kumtunda ndipo ausoka. Amayi anafika m'mamawa koma sanagule kanthu."

Chiganizo choyamba, yambani ndi dzina. Bwato ndi *la canoa*, lachikazi, unyinji *le canoe*. Chilichonse chomvera dzinali chitenga -e ngati chili ndi michira inayi. Kubwerako ndi *tornare*, wa *essere*, choncho *tornate*. Opanda kanthu ndi *vuoto*, naye *vuote*. Chiganizo chonse: *Le due canoe nuove sono tornate vuote.* Mawu oti *due*, -wiri, sasintha. Pa manambala ndi "-modzi" yekha amene amasankha gulu, pamene ife timasintha mpaka -sanu.

Chachiwiri tachiona kale zidutswa zake. *Rete* ndi chule uja, -e wake sakutiuza kanthu, koma tinaloweza kuti ndi *la rete*. Pali *si*, ndiye *essere*: *La rete vecchia si è strappata.*

Chachitatu ndicho mayeso enieni. Mwininkhani ndi asodzi, amuna ambiri, ndipo dzanja likufuna kulemba -i. Koma aneni onse awiri ndi a *avere*, choncho asodzi alibe mphamvu pa mchira. Yang'anani Chichewa: a-u-kokera, a-u-soka. Muli -u- woimira ukonde. M'Chitaliyana ndi *la*, wodulidwa kukhala *l'*, ndipo mchira ndi -a: *I pescatori l'hanno tirata a riva e l'hanno riparata.* Akanakhala maukonde ambiri tikanati *le hanno tirate*, chifukwa *li* ndi *le* sadulidwa.

Chachinayi chili ndi aneni awiri a mwininkhani mmodzi, koma michira yosiyana. Kufika ndi wa *essere*, kugula ndi wa *avere*, ndipo mu "sanagule" mulibe kamawu koimira chinthu: *Le donne sono arrivate presto, ma non hanno comprato niente.* Wina akaona *arrivate* ndi *comprato* m'chiganizo chimodzi amaganiza kuti pali cholakwika n'kuyamba kukonza. Palibe chokonza.

Njira yabwino yodziyesera ndi kusintha dzina limodzi n'kuona zimene zigwedezeke. M'Chichewa chotsani mabwato muikepo ngalawa: ngalawa ziwiri zatsopano zabwerako zopanda kanthu, a- yense wasanduka zi- kapena za-, o- wasanduka zo-. M'Chitaliyana chotsani *canoe* muikepo *battelli*, maboti, dzina lachimuna: *I due battelli nuovi sono tornati vuoti.* Mawu anayi asintha, *i, nuovi, tornati, vuoti*, ndipo mukapeza atatu okha ndiye kuti limodzi mwaliiwala, kawirikawiri lakutali ndi dzina.

Aphunzitsi amene mukukonzekeretsa achinyamata athu kupita ku Italy, m'maseminale, m'nyumba za masisitere kapena pansi pa mtengo wa mango, yesani kuika buku la Chingerezi pambali kwa ola limodzi. Lembani chiganizo cha Chichewa pa bolodi, ophunzira adule mzere pansi pa agwirizanitsi onse, kenako afunefune anzawo kumchira kwa mawu a Chitaliyana. Nthawi imene mupulumutse muithere pa zitatu zimene Chichewa sichingawaphunzitse: gulu la dzina lililonse, aneni otenga *essere*, ndi kukumbukira kuti wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi.